Zifukwa Zolembedwa ndi Tsiku: Kalata Yopita ku Kampani ya Inshuwalansi Yochedwa Kulipira



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za inshuwalansi ya moyo. Mutu umenewu ndi waukulu, ndipo nthawi imene ndapatsidwa ndi yochepa, kotero ndatapapo mbali imodzi yokha. Mbali yake ndi iyi: munthu wamwalira, maliro taika, mapepala amene kampani inafuna tapereka, koma mwezi ukutha, wina ukutha, ndipo yankho limene tikumva ndi lakuti "tikuyendetsa, mudikire pang'ono." Kodi pamenepo tichite chiyani? Yankho langa ndi kalata ya tsamba limodzi, yopempha zinthu ziwiri zokha: zifukwa zolembedwa papepala, ndi tsiku limene adzalipire kapena kukana.

Ine sindine loya, ndiponso sindigwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi. Ndine wa m'boma, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 ndakhala ndikuona m'mene fayilo imayendera kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Chimene ndaphunzira n'chakuti mawu a pakamwa salowa m'fayilo. Mukaimba lamya, kalaliki amakuyankhani mwaulemu, amaika lamya pansi, ndipo pa fayilo yanu sipasintha kanthu. Mawa akapita ku tchuthi, amene wakhala pampando wake sadziwa n'komwe kuti munaimbapo. Koma kalata imene yadindidwa chidindo cha tsiku lolandirira iyenera kuikidwa m'fayilo, iyenera kupatsidwa kwa munthu woti aiyankhe, ndipo bwana aliyense wotsegula fayiloyo amaona kuti yakhala masiku angati osayankhidwa. Maofesi onse, a boma ndi a makampani omwe, amaopa pepala lokhala ndi tsiku.

Ena amati kudikira kulibe vuto bola ndalamazo zidzabwere. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Meyi 2022 kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi ya ku America. Tiyerekeze kuti mayi wamasiye amayembekezera K3,000,000. Akanalandira mu Okutobala chaka chimenecho, ndalamazo zinali zofanana ndi madola pafupifupi 2,500. Akanalandira mu Disembala, zinali madola pafupifupi 1,760. Chiwerengero cholembedwa pa pangano sichinasinthe, koma malata, simenti ndi feteleza amene akanagula anachepa. Onjezerani pamenepo ndalama ya minibasi kuchokera ku Migowi kapena ku Chiringa kupita ku Limbe ndi kubwerera, pakuti malikulu a makampani ambiri a inshuwalansi ali ku Blantyre, ndipo ulendo uliwonse wokangomva "mubwere sabata ya mawa" ukudya ndalama yomweyo imene simunailandire.

Ndikuuzeni za nkhani imodzi ya m'banja mwathu, kuti zimene ndikunenazi zikhale ndi miyendo. Kampani yake sindiitchula, ndipo musandifunse pa nthawi ya chakudya. Alamu anga, amuna a achemwali anga, anali ndi pangano la inshuwalansi ya moyo limene amalipira mwezi ndi mwezi, ndalama yake yodulidwa ku malipiro. Iwo amene analembedwa kuti adzalandire ndi akazi awo. Atamwalira, achemwali anapita ndi ejenti amene anawagulitsa panganolo, nadzaza fomu, napereka chiphaso cha imfa ndi zina zonse. Panatha miyezi 5. Ejenti uja poyamba amayankha lamya, kenako anayamba kunena kuti nkhani ili ku likulu, kenako lamya yake inayamba kungoitana. Kwathu kuno mukudziwa kuti mlongo akavutika amayang'ana kwa mwinimbumba, ndiye tsiku lina achemwali anafika kunyumba ndi jumbo ya mapepala nati, "Achimwene, ine ndatopa, muone inu."

Tisanalembe chilichonse tinakhala pansi madzulo athunthu kusanja mapepalawo, ndipo ntchito imeneyi ndi theka la kalata. Tinafuna chikalata cha pangano, chimene ambiri amachitcha polise, osati apolisi a yunifomu ayi. Pa chikalata chimenechi pali nambala ya pangano, tsiku limene linayamba, ndalama imene analonjeza, ndi dzina la wolandira. Tinafuna fotokope ya chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, pamodzi ndi pepala la kuchipatala lonena chimene chinawapha. Tinafuna ziphaso za unzika za malemu ndi za achemwali. Kenako tinasanja mapeyisilipi onse amene malemu anasunga, mwezi ndi mwezi, ndipo pa lililonse tinachonga mzere wosonyeza kuti ndalama ya inshuwalansi inadulidwa.

Titatero ndinawafunsa achemwali kuti akumbukire maulendo onse: tsiku limene anapereka fomu, amene anailandira, masiku amene anapitako kapena kuimba lamya, ndi zimene anauzidwa. Zina anakumbukira pogwiritsa ntchito mauthenga a m'foni, zina pokumbukira kuti linali tsiku la msika. Pamene sanali otsimikiza tsiku, tinalemba mwezi wokha. Musalembe tsiku longopeka m'kalata yotere, chifukwa akapeza kuti tsiku limodzi ndi lolakwa, amayamba kukayikira kalata yonse.

Chinthu china chofunika kuchiona musanalembe ndi ichi: kodi ali ndi mphamvu yofunsa ndani? Kampani imayankha munthu amene dzina lake lili pa pangano ngati wolandira, kapena amene wapatsidwa mphamvu mwalamulo yoyang'anira chuma cha masiye. Ine, ngakhale ndine mwinimbumba, pamaso pa kampani sindine kanthu. Ndikanalemba m'dzina langa akanandiyankha kuti sangaulule nkhani za kasitomala kwa munthu wapadera, ndipo akanakhala kuti akunena zoona. Choncho kalata inalembedwa m'dzina la achemwali ndipo anasayina ndi iwo. Amalume ndi atsibweni muli muno, mundimvetse bwino: thandizani kulemba, perekezani, koma dzanja losayina likhale la mwini wake.

Kalata yake inali yotere. Ndachotsamo maina, manambala ndi masiku.

"Kwa Mkulu Woona za Malipiro a Imfa.

Okondedwa Bambo kapena Mayi,

MUTU: PANGANO NAMBALA YAKUTI, LA MALEMU UJE, AMENE ANAMWALIRA PA TSIKU LAKUTI

Ine ndine mkazi wa malemu amene ndawatchula pamwambapa, ndipo ndine amene ndinalembedwa kuti ndilandire ndalama za pangano limeneli. Pa tsiku lakuti ndinapereka ku ofesi yanu ya kwakuti fomu yofunsira malipiro, chiphaso cha imfa, pepala la kuchipatala, chiphaso changa cha unzika ndi cha malemu, ndiponso nambala ya akaunti yanga ya kubanki. Mafotokope a zonsezi ndawaphatikanso pa kalata ino.

Kuyambira tsiku limenelo papita miyezi 5. Ndafika ku ofesi yanu kawiri ndipo ndaimba lamya kanayi. Nthawi zonse ndauzidwa kuti nkhaniyi ikuyendetsedwa. Sindinalandire kalata iliyonse.

Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba kalata pa zinthu izi. Choyamba, chifukwa chimene malipirowa sanaperekedwe mpaka lero. Chachiwiri, ngati pali pepala limene likusowa, mulitchule dzina, ndipo mutchule onse nthawi imodzi. Chachitatu, ngati mukuganiza zokana kapena kuchepetsa malipirowa, munditchulire ndime ya m'pangano imene mwatsamirapo ndi umboni umene muli nawo. Chachinayi, tsiku limene mudzalipire kapena kundipatsa chigamulo chanu chomaliza. Chachisanu, dzina ndi udindo wa munthu amene akusunga fayilo imeneyi.

Ndidzayamika nditalandira yankho lanu pofika pa tsiku lakuti. Ndikapanda kulandira, ndidzatengera dandaulo langa kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, pamodzi ndi kope ya kalata ino.

Ine wanu,"

ndiye siginecha, dzina lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, keyala ndi nambala ya foni.

Mwaona kuti m'kalatamu mulibe kulira ndipo mulibe kutukwana. Achemwali amafuna kuti tilembemo kuti ana athamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndi kuti ejenti uja ndi wakuba. Ndinawauza kuti zoyambazo n'zoona ndipo n'zowawa, koma sizisuntha fayilo. Zachiwirizo tilibe umboni wake, ndipo zingopatsa kampani nkhani ina yoti iyankhe m'malo mwa imene tikufuna. Kalata yaukali imayankhidwa ndi ndime ziwiri zopepesa, ndipo mukawerenga bwinobwino mupeza kuti sanakuuzeni kanthu. Kalata ya mafunso owerengeka imavuta kuizemba, chifukwa aliyense woiwerenga pambuyo pake atha kuona kuti funso lachitatu layankhidwa kapena ayi.

Pa mafunso asanu aja, lachiwiri ndi limene ndikufuna mulisunge. Njira yodziwika yochedwetsera nkhani, kaya mwadala kaya mwa ulesi chabe, ndiyo kufunsa mapepala limodzilimodzi. Lero akuti bweretsani kalata ya amfumu. Mwabweretsa, akuti tsopano tikufuna lipoti la dokotala. Mwabweretsa, akuti fotokope ya chiphaso siinatsimikizidwe ndi chidindo. Pepala lililonse ndi ulendo wa ku Blantyre. Mukawapempha kuti atchule onse nthawi imodzi, ndipo iwo n'kulemba mndandanda, mndandanda umenewo wawamanga. Akadzabwera ndi pepala lina latsopano pambuyo pake, muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene sanalitchulire poyamba.

Za tsiku nazo zili ndi kalembedwe kake. Musalembe kuti "mwamsanga" kapena "posachedwa", chifukwa msanga wa mayi wamasiye ndi msanga wa kampani ndi wosiyana. Lembani tsiku lenileni la pa kalendala. Ife tinawerenga masiku 14 kuchokera pa tsiku lokapereka kalata. Masiku 14 amenewa ndinasankha ndine, poona kuti ndi okwanira kuti munthu atulutse fayilo, aiwerenge ndi kulemba tsamba limodzi. Mukapereka masiku atatu mudzaoneka opanda chilungamo kwa amene adzaweruze dandaulo lanu, ndipo mukapereka miyezi iwiri mwadzichedwetsa nokha. Musaiwalenso kuyang'ana m'chikalata cha pangano. Ngati kampani inalembamo yokha kuti imalipira pasanathe masiku akuti mapepala akakwana, tchulani ndime imeneyo m'kalata mwanu. Palibe mkwapulo wowawa kuposa mawu a mwini wake. Zindikiraninso kuti m'kalatamu muli masiku awiri osiyana: tsiku limene inu mwaika loti akuyankheni, ndi tsiku limene mukufuna iwo aike loti adzalipire. Loyambalo ndi lanu, lachiwirilo liyenera kuchokera m'kamwa mwawo.

Wina afunsa kuti kalatayi ilembedwe m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ife tinalemba m'Chichewa poyamba, kuti wosayina amve liwu lililonse, kenako tinaimasulira m'Chingerezi ndi kutumiza zonse ziwiri. Anzanga amene munapambana Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, apa ndi pamene mungathandize abale, koma chonde musadzazemo mawu akuluakulu a m'dikishonale.

Tsopano kaperekedwe. Kalata yabwino imene ilibe umboni woti inafika ndi chimodzimodzi lamya ija. Tinapanga makope awiri. Achemwali anapita nayo okha ku likulu, osati kwa ejenti, napereka imodzi, napempha kuti pa inayo adinde chidindo cha kampani, alembe tsiku, ndipo wolandira asayine ndi kulemba dzina lake. Mtsikana wa pakhomo anayamba wakana, nati kungosiya n'kokwanira. Achemwali anakhala pampando nati adikira amene ali ndi chidindo. Sipanathe ola limodzi chidindo chinapezeka. Ngati simungathe kupita, tumizani pa positi ngati kalata ya rejisitala ndipo musunge lisiti lake, kapena tumizani pa imelo ya kampani ndi kusindikiza tsamba losonyeza tsiku limene yapita. Ndipo mapepala enieni, monga chikalata cha pangano ndi chiphaso cha imfa, musawasiye m'manja mwa munthu popanda iye kukulemberani kuti walandira. Kumene kungatheke perekani mafotokope otsimikizidwa ndi chidindo, enieniwo muwaonetse chabe.

Yankho linabwera tsiku lathu lisanakwane, ndipo linali ndi chifukwa chimene kwa miyezi 5 palibe anachitchula. Kampani inati m'mabuku mwake simukuoneka ndalama za miyezi itatu ya chaka china cha m'mbuyo, kotero ikufufuza ngati panganolo linali lidakali lamoyo pa tsiku la imfa. Apa ndifotokoze pang'ono. Pangano la inshuwalansi ya moyo limakhala ndi masiku a chisomo, amene munthu angachedwe nawo kulipira popanda kutaya chitetezo. Masikuwo akapitirira ndalama isanafike, pangano likhoza kufa, kapena kutsika mtengo ngati linali litalipiridwa zaka zingapo, malinga ndi zimene zinalembedwa m'chikalata. Tsono nkhani ya miyezi itatu siinali yaing'ono. Ikanatha kugwetsa malipiro onse.

Koma taonani ubwino wa chifukwa cholembedwa. Mawu akuti "tikuyendetsa" sungawatsutse, pakuti alibe mutu kapena mchira. Mawu akuti "miyezi yakuti, yakuti ndi yakuti siinalipiridwe" ungawatsutse ndi pepala. Tinatulutsa mapeyisilipi a miyezi itatu imeneyo, ndipo onse amasonyeza kuti ndalama inadulidwa. Tinaona kuti inali miyezi imene alamu anasamutsidwa kuchoka pa malo ena a ntchito kupita pa ena. Tinapempha a ofesi ya malipiro kumene amagwira kuti atilembere kalata yotsimikiza kuti ndalamazo zinatumizidwa, ndi masiku ake. Kalata yathu yachiwiri inali ya mizere isanu ndi umodzi: nawa mapeyisilipi, nayi kalata ya olemba ntchito, tikupemphanso tsiku. Kampani itafufuza inapeza kuti ndalamazo zinafika ndithu koma zinalembedwa pa nambala ya pangano la munthu wina. Inalemba tsiku, ndipo pa tsikulo ndalama zinalowa mu akaunti. Kuchokera pa kalata yoyamba kufika pa malipiro panapita masabata 7.

Sikuti nkhani zonse zimatha chomwechi. Nthawi zina chifukwa cholembedwacho chimakhala choona, ndipo ndi bwino kuchidziwa msanga kusiyana ndi kutha nsapato pa msewu wa Chiradzulu kulondola ndalama zimene sizidzabwera. Ndikhudze zifukwa zina zimene mungakumane nazo, ndi funso loyenera pa chilichonse.

Akhoza kunena kuti malemu anabisa matenda polowa inshuwalansi. Ichi ndi chifukwa cholemera, pakuti pangano la inshuwalansi limatsamira pa zimene munthu anayankha pa fomu yolowera. Musakangane nawo pakamwa. Pemphani kope ya fomu imene malemu anasayina, akuonetseni funso limene akuti linayankhidwa monama, ndiponso umboni wa kuchipatala wosonyeza kuti matendawo anadziwika tsiku losayina lisanafike. Munthu amene wapezeka ndi shuga zaka zitatu atalowa kale inshuwalansi sanabise kanthu. Nkhani yonse yagona pa masiku awiri: tsiku la fomu ndi tsiku limene dokotala anapeza matenda. Chimodzimodzi akanena kuti imfa inachitika m'nthawi yodikira, imene mapangano ambiri, makamaka a maliro, amakhala nayo kumayambiriro: tsegulani chikalata, werengani miyezi yake, ndipo muone ngati lamulo lodikiralo likukhudzanso imfa ya ngozi, chifukwa kawirikawiri ngozi amaipatula.

Akhoza kunena kuti maina sakugwirizana. Ili ndi vuto lathu ndithu. Ambiri tinalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, pamene mapangano ena analembedwa kale, mayi ali ndi dzina la kwa bambo ake kapena dzina lolembedwa mwa mtundu wina. Apa afunseni kuti alembe pepala limene adzalandire ngati umboni woti munthuyo ndi mmodzi yemweyo, kaya kalata yolumbira, kaya mtchatho wa ukwati, kuti musakawononge ndalama pa pepala limene adzalikane.

Akhoza kunenanso kuti pabwera anthu awiri ofuna ndalama zomwezo, kapena kuti malemu sanalembe wolandira, kapena wolandirayo anatsogola kale. Pamenepo kampani siingasankhe yokha mbali, ndipo nkhani imalowa m'lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mudzafunika kupita ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lathu, kwa Administrator General kapena kukhoti kuti papezeke munthu wopatsidwa mphamvu. Ngakhale pamenepo kalata ili ndi ntchito: kampani itsimikize polemba kuti ndalamazo ikuzivomereza, ndi zingati, ndipo ikudikira pepala liti lokha.

Pali nkhani ina imene ife a ku Phalombe sitingailumphe. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi kuno, ku Mulanje ndi ku Blantyre. Nthawi zonse ziwiri panali anthu amene matupi awo sanapezeke. Kampani ya inshuwalansi imafuna umboni wa imfa, ndipo pamene palibe thupi palibenso pepala la dokotala. Banja lotere likangodikira, lidzadikira mpaka kalekale. M'kalata mwake lifunse molunjika kuti, popeza thupi silinapezeke, ndi umboni uti umene kampani idzalandire m'malo mwake, ndipo liphatikepo zimene lili nazo: lipoti la apolisi, kalata ya amfumu, ndi chilichonse chochokera ku ofesi ya bwanamkubwa chosonyeza kuti munthuyo analembedwa pa osowa. Ngati kampani ikufuna chigamulo cha khoti chonena kuti munthuyo atengedwe kuti anamwalira, inene polemba, kuti banjalo lidziwe khomo loti ligogode.

Mawu amodzi kwa amene abale anu amagwira ntchito m'makampani, m'maesiteti a tiyi kapena m'mabungwe. Lamulo la penshoni la 2011 linalamula olemba ntchito kuti azigulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, ndipo lamulo latsopano la 2023 linasunga zimenezi. Pa inshuwalansi ya gulu yotereyi, mwini pangano ndi wolemba ntchito, ndipo kawirikawiri ndiye amene amatumiza mapepala a imfa. Choncho lembani makalata awiri. Kwa wolemba ntchito funsani dzina la kampani ya inshuwalansi, nambala ya pangano, ndi tsiku limene anatumiza mapepala. Kwa kampani ya inshuwalansi funsani ngati inalandira, liti, ndiponso ngati wolemba ntchitoyo anali atalipira zopereka zake. Mukaika mayankho awiriwo pa tebulo limodzi mudzaona pamene fayilo yagona. Ndalama za imfa za ogwira ntchito m'boma zili ndi njira yakeyake, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga tsiku lanu likakwana osayankhidwa? Chitani zimene munalonjeza. Lembani kalata yachiwiri yaifupi kwa mkulu wa kampani yonse, yonena kuti kalata ya tsiku lakuti siinayankhidwe, ndipo muphatikepo kope yodindidwa ija. Zikakanikabe, pitani kwa woyang'anira makampaniwa. Malinga ndi lamulo loyendetsa ntchito za ndalama la 2010, Gavanala wa Reserve Bank of Malawi ndiye Registrar of Financial Institutions, amene amapereka ziphaso kwa makampani a inshuwalansi ndi kuwayang'anira, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu wamba. Likulu la bankiyi lili ku Lilongwe, koma ili ndi nthambi ku Blantyre, kufupi ndi ife. Funso loyamba limene adzakufunseni ndi lakuti, kodi munayamba mwadandaula ku kampani yeniyeniyo? Apa ndi pamene kope ya chidindo ija imagwira ntchito yake yachiwiri. Dandaulo lanu likhale la tsamba limodzi, masiku atandandalikidwa motsatana, makope onse ali kumbuyo.

Khoti ndi khomo lomaliza, ndipo amene sangathe kulipira loya akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Dziwani kuti milandu ya mapangano ili ndi malire a nthawi, amene mwa lamulo lathu ndi zaka 6, ndipo kulemberana makalata pakokha sikuimitsa nthawi imeneyo. Zaka 6 zimaoneka zambiri, koma ndaonapo mabanja amene anatha zaka zinayi akungouzidwa kuti abwere mwezi wa mawa.

Chomaliza ndi pepala limene adzakupatseni ndalama zikavomerezedwa, lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Musanasayine, yerekezani chiwerengero chake ndi cha pa chikalata cha pangano. Ngati ndi chochepa, pemphani kuti akulembereni m'mene awerengera: zimene achotsa ngati ngongole imene malemu anatenga pa panganolo, zopereka zotsalira, ndi mabonasi amene awonjezera ngati pangano linali la mtundu umenewo. Ngati kuchedwa kunali kwa iwo, funsani m'kalata yomweyo za chiwongola dzanja cha miyezi imene ndalama zinakhala m'manja mwawo. Akhoza kukana, koma akane polemba. Pepala limeneli mukhoza kupita nalo kunyumba, kuligoneka usiku umodzi, ndi kulionetsa kwa wina wodziwa kuwerenga ziwerengero musanaikepo dzanja.

A Wapampando, ndasiya makope 20 a kalata ija kwa alembi a bungwe lathu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, okhala ndi mipata yoti munthu adzazemo maina ndi masiku. Ngati pali mafunso ndiyankha tsopano.